VAE yanga ikungobweza chithunzi chimodzimodzi, KL yagwera pa ziro

chiperoni_04
Moni nonse. Ndathedwa nzeru, chonde ndithandizeni. Ndikuphunzira VAE chifukwa cha pulojekiti ya chaka chomaliza, ndipo ndayambira pa MNIST, tizithunzi tija ta manambala olemba pamanja ta mapikiselo 28 m'litali, 28 m'lifupi. Enkoda ili ndi leya imodzi ya 400, latenti ndi 20, batchi 128, Adam pa 0.001. Vuto ndi loti chilichonse chimene ndingalowetse, kaya 1, kaya 7, kaya 0, dikoda ikubweza chinthu chimodzi: kamtambo kotuwa pakati pa chithunzi, ngati munthu walemba 8, 9 ndi 3 pamalo amodzi kenako n'kupukuta ndi chala. Losi imatsika msanga pa epoko yoyamba n'kukaima pa 0.26. KL imafika 0.000 n'kukhala pomwepo. Ndadikira maepoko 50, palibe chasintha. Khodi yake ndi iyi:

```python
mu, logvar = self.encode(x)
std = torch.exp(0.5 * logvar)
z = torch.distributions.Normal(mu, std).sample()
x_hat = self.decode(z)

recon = F.binary_cross_entropy(x_hat, x)
kl = -0.5 * torch.sum(1 + logvar - mu.pow(2) - logvar.exp())
loss = recon + kl
```

Poyamba ndinasangalala kuona KL ikutsika, ndimaganiza kuti ndiye cholinga chake. Ndalakwitsa pati?

thobwa_lozizira
Ikani `torch.manual_seed(0)` pamwamba. Modelo yanu ikusokonezeka chifukwa `z` akusinthasintha nthawi zonse.

mbewa_ya_mdimba
Ingochotsani KL yo achemwali. Ine ndinaichotsa pa yanga, zithunzi zinayamba kutuluka zooneka bwino tsiku lomwelo.

mphunzitsi_wopuma
aChiperoni, musachotse kalikonse pakadali pano. Yambani mwayesa izi pa batchi imodzi yokha, musinthe dzina la leya kuti ligwirizane ndi yanu imene imatulutsa `mu`, mutiuze chimene chatuluka.

```python
model.zero_grad()
recon.backward()
print(model.fc_mu.weight.grad)
```

chiperoni_04
Yalemba `None`, aphunzitsi.

mphunzitsi_wopuma
Ndi zimene ndimayembekezera. Tanthauzo lake ndi loti kulakwitsa konse kwa dikoda sikukufika kwa enkoda ngakhale pang'ono. Vuto lili pa `.sample()`.

Tiyeni tiyende pang'onopang'ono. Enkoda ya VAE siipereka malo amodzi a chithunzi m'latenti. Imapereka zinthu ziwiri: pakati, amene ndi `mu`, ndi kutambalala kwa dera lozungulira pakatipo, kumene ndi `std`. Ndiye timachita maere kutola `z` m'deralo n'kumupereka kwa dikoda. Pophunzitsa modelo, giladiyenti imayenda chobwerera, kuchokera ku losi, kudutsa dikoda, mpaka pa `z`. Kuti ipitirire kukafika ku enkoda, pafunika yankho la funso ili: nditasuntha `mu` pang'ono, `z` asuntha bwanji? Ngati `z` wangotoledwa mwa maere, palibe masamu olumikiza awiriwa oti giladiyenti idutsepo. Mu PyTorch, `.sample()` imatola nambalayo popanda kusunga njira yobwerera. Pamenepo pali chigwembe, giladiyenti imathera pompo.

Tsono onani chimene chikuchitika kwa enkoda yanu. Mawu okhawo amene ikumva ndi a KL, chifukwa KL mukuiwerengera mwachindunji kuchokera ku `mu` ndi `logvar`. Ndipo KL imapempha chinthu chimodzi: `mu` akhale 0, `std` akhale 1. Enkoda yamvera, ikupereka 0 ndi 1 pa chithunzi chilichonse. Dikoda ikulandira manambala amaere amene sakunena kanthu za chithunzi cholowa, ndiye njira yabwino imene yatsala nayo ndi kujambula avereji ya zithunzi zonse 60,000. Kamtambo kanu kaja ndi avereji imeneyo.

Chimene Kingma ndi Welling analemba kumapeto kwa 2013, ndipo Rezende, Mohamed ndi Wierstra anachipezanso paokha nthawi yomweyo, ndi kutulutsa maerewo panja pa njira ya giladiyenti. Timatola `eps` kuchokera ku N(0, 1), amene sadalira enkoda konse, kenako `z` timamupanga ndi kuchulukitsa ndi kuphatikiza wamba:

```python
eps = torch.randn_like(std)
z = mu + std * eps
```

Tiike manambala. `mu` ndi 2, `std` ndi 0.5, maere atipatsa `eps` wa -1. Ndiye `z` ndi 1.5. Tsopano `eps` timugwire pomwepo. `mu` akakwera ndi 0.01, `z` akwera ndi 0.01. `std` akakwera ndi 0.01, `z` atsika ndi 0.01, poti `eps` ndi -1. Mafunso onse awiri ali ndi mayankho, giladiyenti yapeza podutsa. Ndipo palibe chimene tataya: mutatola `eps` kambirimbiri, ma `z` amwazikana chimodzimodzi ngati mukanatola mwachindunji, pakati pa 2, kutambalala 0.5. Izi ndi zimene mumaziona m'makhodi ambiri pa dzina loti `reparameterize`. Ngati mukufuna kusunga `Normal` wanuyo, ingolembani `.rsample()` m'malo mwa `.sample()`, imachita zomwezi.

thobwa_lozizira
Komatu aphunzitsi, zimene mwanenazi si zomwe ndanena ine? Mwati `eps` timugwire pomwepo. Sidi imagwiranso maere.

mphunzitsi_wopuma
Ayi achimwene, n'zosiyana. Sidi imangochititsa kuti mukayendetsanso pulogalamu mawa, maere atuluke m'ndondomeko yomweyo ya lero. Siilumikiza `z` ndi `mu`. Ikani sidi pa khodi ya aChiperoni, mupezabe `None`. Ndipo `eps` sitimugwira mpaka kale. Timamugwira pa ulendo umodzi wokha wopita ndi kubwerera, batchi yotsatira timatola wina. Kusinthasintha kwa `z` tikukufuna, ndiko kumaphunzitsa dikoda kuti malo oyandikana m'latenti azitulutsa zithunzi zofanana.

chiperoni_04
Zikomo kwambiri aphunzitsi, izi ndazimvetsa tsopano. Ndasintha kukhala `.rsample()`, giladiyenti ya `fc_mu` ikuoneka, si `None` ayi. Koma ndaphunzitsanso maepoko 10 ndipo kamtambo kaja kabweranso. Losi 0.26, KL 0.000. Ndatsala pang'ono kulira.

mbewa_ya_mdimba
Mwaona? Ndinanena ine. KL ndiyo ikupha modelo.

kachere_jhb
Mu 2016 Bowman ndi anzake analemba za vuto lomweli pa VAE ya ziganizo. Mankhwala ake ndi kuyamba KL ili yochulukitsidwa ndi 0, n'kumaikweza pang'onopang'ono mpaka pa 1. Yesani kukweza pa maepoko 10 oyamba.

namadzi_py
aKachere, mankhwalawo ndi enieni koma si a matenda awa. Kwa Bowman dikoda inali LSTM yotha kulosera liwu lotsatira poyang'ana mawu am'mbuyo, ndiye inkatha kukhala osamufuna `z`. Dikoda ya aChiperoni ilibe kwina kotenga uthenga kupatula kwa `z`. VAE yaing'ono ngati iyi pa MNIST imaphunzira bwinobwino popanda kukweza KL pang'onopang'ono.

aChiperoni, yang'anani mizere iwiri ya losi yanu. `F.binary_cross_entropy` mukapanda kuiuza kanthu imatenga avereji, kutanthauza kuti imagawa ndi mapikiselo onse a m'batchi: 784 kuchulukitsa ndi 128. Pamene KL yanu ili ndi `torch.sum`, yaphatikiza zonse osagawa ndi kanthu. 784 kuchulukitsa ndi 128 ndi 100,352. Ndiye kuti KL mwailemeretsa ka 100,352 kuposa mmene iyenera kukhalira.

Ndikuonetseni ndi manambala anu omwe. 0.26 yanu ija ndi ya pikiselo imodzi. Mukaichulukitsa ndi 784 mupeza kupitirira pang'ono 200, ndiwo mtengo wa kujambula avereji pa chithunzi chimodzi. VAE ya kukula ngati yanu ikaphunzira bwino, `recon` imafika cha m'ma 80 pa chithunzi, KL cha m'ma 25. Ndiye modelo imalipira 25 n'kupindula zoposa 120. Malonda abwino, iwachita. Koma pa sikelo yanu, phindu lonse limene ingapeze ndi kuchoka pa 0.26 kufika pa 0.10, pamene mtengo ndi 25 kuchulukitsa ndi zithunzi 128 za m'batchi. Palibe angagule zimenezo. Modelo yanu siinalephere kuphunzira, yapeza yankho lolondola la losi imene munailembera.

Konzani chonchi, kuti zonse ziwiri zikhale za chithunzi chimodzi:

```python
recon = F.binary_cross_entropy(x_hat, x, reduction="sum") / x.size(0)
kl = -0.5 * torch.sum(1 + logvar - mu.pow(2) - logvar.exp()) / x.size(0)
```

Ndipo muzisindikiza `recon` ndi `kl` padera, osati `loss` yokha.

mphunzitsi_wopuma
aNamadzi alondola, ine maso anga anathera pa `.sample()` ndipo mzere umenewo ndinaudumpha. Zolakwika ziwiri zosiyana, chizindikiro chimodzi. Choyamba enkoda siinkamva dikoda konse, chachiwiri inkamva koma mawu a KL anali okwera kwambiri.

kachere_jhb
Ndavomera za sikelo. Komabe kukweza pang'onopang'ono kukanabisa vutolo kwa kanthawi kochepa, mwina n'chifukwa chake ambiri timathamangira kumeneko.

namadzi_py
Eya, n'kuona ngati zatheka, kenako n'kugwanso kulemera kwa KL kukangoyamba kukwera.

mlimi_wa_data
Pepani kulowerera, nkhani yake ndi yofananako. Ine ndikugwiritsa ntchito VAE pa zithunzi za masamba a chimanga zimene ndinajambula ndekha pa foni m'munda mwa mayi anga. Maganizo anga ndi oti ndiiphunzitse masamba abwinobwino okhaokha, ndiye ikakumana ndi tsamba lodyedwa ndi ntchemberezandonda ilephere kulijambulanso, ine ndidziwire pamenepo. Koma losi ikumasanduka `nan` isanathe n'komwe epoko yoyamba. Komanso sindimvetsa chifukwa chake enkoda imatulutsa `logvar` m'malo mongotulutsa `std`.

namadzi_py
`std` sangakhale wochepera 0, pamene leya wamba imatulutsa nambala iliyonse, yapansi pa ziro kapena yapamwamba. Ndiye timailola itulutse logi ya `std` wochulukitsidwa ndi iye mwini, ife n'kubweza ndi `exp(0.5 * logvar)`, imene nthawi zonse imakhala pamwamba pa 0. Koma `exp` imakula moopsa. Pa `float32`, `logvar` akangodutsa 88 ndi kanthu, `logvar.exp()` imasanduka `inf`, kenako `nan` amafalikira ponseponse. Mapikiselo anu akulowa ali pakati pa 0 ndi 1, kapena akadali 0 mpaka 255?

mlimi_wa_data
Mpaka 255. Ndinawerenga zithunzi ndi NumPy, sindinagawe.

namadzi_py
Gawani ndi 255 kaye. Zikapitirira, tsitsani liwiro la Adam, kapena ikani `logvar = logvar.clamp(-10, 10)`.

thobwa_lozizira
aMlimi, mukuphunzitsira pa chiyani? Yanga laputopu batire inatha, magetsi akangothima ntchito yonse yapita.

mlimi_wa_data
Laputopu yomweyo, ndinachepetsa zithunzi kufika 64 kwa 64. Ndimasunga ndi `torch.save` pa epoko iliyonse, ndi `state_dict` ya Adam yomwe, kuti akabwera magetsi ndipitirize pomwe ndinalekezera.

mbewa_ya_mdimba
Tibwerere ku KL. Palibe wandiyankha. Ine ndinaichotsa ndipo zithunzi zanga n'zakuthwa kuposa za aliyense amene ali ndi KL. Ndiye phindu lake n'chiyani, ngati ntchito yake ndi kungowononga chithunzi?

mphunzitsi_wopuma
Funso lanu ndi labwino aMbewa, ndipo zimene mwaonazo n'zoona. Mukachotsa KL, zithunzi zimene modelo ikujambulanso zimaoneka bwino kuposa kale. Koma chitani izi: musalowetse chithunzi chilichonse, mungotola `z = torch.randn(64, 20)` n'kupereka kwa dikoda yanu. Mutiuze ngati mutaone manambala.

Chimene chimachitika n'chakuti popanda KL, maere aja ndi chosokoneza chabe kwa modelo. Enkoda imaphunzira kufinya `std` kulowera ku 0 ndi kutalikitsa ma `mu` wina ndi mnzake, kuti dera la chithunzi china lisakhudzane ndi la china. Mapeto ake muli ndi otoenkoda wamba: timadontho tomwazikana, pakati pake malo opanda kanthu amene dikoda siinawaonepo. Mukatola `z` mwa maere mumagwera m'malo amenewo.

KL imaika mtengo pa zinthu ziwiri zomwezi. Pa nambala imodzi ya latenti, mtengowo ndi uwu:

```
0.5 * (mu^2 + std^2 - 1 - ln(std^2))
```

`mu` akakhala 0 ndipo `std` ndi 1, mtengo ndi 0, koma simunanene kanthu za chithunzi. Kufinya `std` kufika pa 0.1, `mu` ali pa 0 pomwepo, mtengo ndi 1.81. Chitsanzo chathu chija cha `mu` 2 ndi `std` 0.5 chimatuluka 2.32. Ndiye enkoda ikafuna kuuza dikoda molunjika kuti chithunzi ichi ndi 7 wopendekeka, iyenera kulipira, ndipo imalipira pokhapo pamene `recon` itsike kuposa mtengowo. N'chifukwa chake ine KL ndimaiwerenga ngati muyeso wa uthenga umene ukudutsa pa `z`. Ikakhala 0, palibe chikudutsa. Ikakhala 25, chikudutsa chambiri ndithu. Cholinga si kuifikitsa pa ziro, monga ankaganizira aChiperoni poyamba.

Komanso KL sinaikidwe pongofuna kukongoletsa. Chimene tikufuna kukweza kwenikweni ndi mwayi woti modelo itulutse zithunzi zenizenizo, `log p(x)`, koma sitingauwerengere mwachindunji. Chimene tingawerengere ndi malire ake am'munsi, ELBO, ndipo ELBO ikalembedwa imatuluka magawo awiri: kujambulanso, kuchotsapo KL, aliyense ndi kulemera 1. Losi yathu ndi ELBO yotembenuza chizindikiro.

mbewa_ya_mdimba
Ndayesa `torch.randn`. Mwa 64, mwina khumi ndi amene ndingati ndi manambala, ena onse ndi mizere yopindikapindika. Chabwino. Koma ntchito yanga ine ndi kufinya zithunzi basi, sindifuna kupanga zatsopano.

namadzi_py
Ndiye otoenkoda wamba akukwanirani, palibe cholakwika. Chotsaninso maerewo, sakukuthandizani kanthu.

kachere_jhb
Apa pa kulemera 1 ndiye sindikugwirizana nanu aphunzitsi. Higgins ndi anzake mu 2017 anachulukitsa KL ndi beta woposa 1 mwadala, kuti nambala iliyonse ya latenti igwire chinthu chimodzi chomveka. Ena amaika beta wochepera 1 kuti zithunzi zithwe. Kuntchito kwathu timaika 0.1 ndipo palibe amadandaula. Ndipo aliyense wogwiritsa ntchito `mse_loss` wasankha kale beta wake osadziwa.

mphunzitsi_wopuma
Pa `mse_loss` mwanena zoona. Imabwera poganiza kuti pikiselo iliyonse ili ndi kamwazikidwe ka Gauss, ndipo kutambalala kumene mwaganizira ndiko kumaika sikelo pakati pa magawo awiriwa. `mse_loss` yophatikiza n'kugawa ndi 2 ndiye kuti mwati kutambalalako ndi 1, pa mapikiselo amene akuthera pa 1 pomwepo. N'kwakukulu kwambiri, ndipo ndi chimodzi mwa zifukwa zimene zithunzi zimatulukira zachimbuuzi. aMlimi, ngati mukugwiritsa ntchito `mse_loss`, izi zikukhudzani.

Koma beta ngati beta, ine ndimati sinthani mukudziwa chimene mwasiya. Mukatsitsa pansi pa 1, nambala imene mukusindikiza si malirenso a `log p(x)`, musaiyerekeze ndi ya anzanu. Ndipo zotola ku N(0, 1) zimayamba kuipa pang'onopang'ono, kulowera kumene ali aMbewa.

kachere_jhb
Kwa ife zotola sizitikhudza, timangofuna latenti yosalala. Ine ndikuona kuti 1 ndi poyambira chabe.

mphunzitsi_wopuma
Pamenepo tisiyana maganizo, achimwene.

mlimi_wa_data
`nan` watha nditagawa ndi 255, zikomo aNamadzi. Koma masamba akutuluka obiriwira osalala, mitsempha ya tsamba siikuoneka n'komwe. Ndiye losi ya tsamba labwino ndi ya lodyedwa zikungotsala pang'ono kufanana, chifukwa modelo ikulephera timizere tating'ono pa onse awiri. Ndiyese beta wa aKachere kapena ndikulitse latenti?

namadzi_py
Sindikizani `kl` kaye tione ngati ili ndi moyo. Komanso mabowo a mbozi pa chithunzi cha 64 kwa 64 ndi mapikiselo angati? Mwina ndi bwino kudula tsambalo tizigawo m'malo mochepetsa chithunzi chonse. Tsegulani nkhani yanu padera muike zithunzi, tisasokoneze ya aChiperoni.

chiperoni_04
Zatheka abale! Pambuyo pa maepoko 10, `recon` ili pa 81, `kl` pa 25. Ndikalowetsa 7 akutuluka 7, wofewa pang'ono m'mphepete koma ndi yemweyo, ndi kamzere kake kapakati komwe. Za `torch.randn` zambiri zikuwerengeka, zina zili pakati pa 4 ndi 9. Ndatenganso `mu` wa 1 ndi `mu` wa 7 n'kuyenda pakati pawo masitepe 10, ndikuona mutu wa 7 ukumera pang'onopang'ono. Ndakhala ndikungoyang'ana.

Koma ndili ndi funso lina. Ndinakweza latenti kufika 50 poganiza kuti zithunzi zithwa. `kl` yakhalabe cha m'ma 25, `recon` siinasinthe kwenikweni. Ndiye ndinawerengera KL ya nambala iliyonse payokha:

```python
kl_dim = (-0.5 * (1 + logvar - mu.pow(2) - logvar.exp())).mean(0)
print((kl_dim > 0.01).sum())
```

Yalemba 21. Zina 29 zili pa ziro, `mu` 0, `std` 1, ngati mmene zinalili zonse poyamba paja. Ndiye kuti vuto lija likadalipo theka?

mphunzitsi_wopuma
Ine sindikuliona ngati vuto. Nambala iliyonse imene enkoda yatsegula ili ndi mtengo, ndipo modelo yaona kuti ya 22 siibweza ndalama zake. Yadzisankhira yokha kukula kwa latenti. Mutayang'ana maweti a leya yoyamba ya dikoda olumikizana ndi 29 zimenezo, muwapeza ali pafupi ndi ziro, dikoda yaphunzira kusazimvera.

kachere_jhb
Si nthawi zonse, aphunzitsi. Zina zimafa m'masitepe oyambirira, dikoda isanadziwe kanthu. Nthawi imeneyo `z` sakuthandiza, KL yokha ndiyo ikukoka, ndiye zimatsekeka. Maweti a dikoda akafota, giladiyenti yoti izidzutse imakhalanso yochepa. Sikuti modelo inayesa n'kuona kuti n'zosafunika, siinapeze mpata woyesa. Apa ndiye pamene kukweza KL pang'onopang'ono kumagwira ntchito. Palinso njira imene Kingma ndi anzake analemba mu 2016, yosalipiritsa KL ikakhala pansi pa kamlingo kena.

namadzi_py
Nonse mukhoza kukhala olondola, ndipo n'zoyeseka. aChiperoni, phunzitsani kawiri ndi latenti 50, kamodzi mmene zililimu, kamodzi mukukweza KL kuchoka pa 0 kufika pa 1 m'maepoko 10 oyamba kenako n'kupitiriza pa 1. Maepoko onse akhale ofanana. Pamapeto muyerekeze `recon + kl` pa zithunzi 10,000 zoyesera zija, osati kuchuluka kwa manambala amoyo kokha. Amoyo akachuluka koma chiwerengerocho osatsika, aphunzitsi apambana. Chikatsika, aKachere. Mubwereze ndi masidi atatu osiyana, chifukwa kusiyana kwake kukhoza kukhala kochepa.

thobwa_lozizira
Apa ndiye sidi yanga ija yapeza ntchito yake.

chiperoni_04
Ndiziyendetsa usiku uno. Epoko imodzi ikutenga masekondi pafupifupi 20 pa laputopu yanga, ndiye maulendo 6 a maepoko 50 atha tisanagone. Pokweza KL ndizisintha kulemerako pa batchi iliyonse, kapena pa epoko?

kachere_jhb
Pa batchi. Epoko yanu ili ndi mabatchi 469, ndiye maepoko 10 ndi 4,690. Lembani `beta = min(1.0, step / 4690)`.